Masabata 13 owerenga macheza, mikumano ndi mipata ya ntchito

Sabata 1

Ndimagwira ntchito yosungira mabizinesi ang'onoang'ono mabuku a ndalama, ndipo ndimadziyimira pandekha. Kwa zaka ziwiri tsopano ndakhala ndikupita kumisonkhano, kugawa makhadi ndi kulembera anthu mauthenga, koma wina atandifunsa kuti zonsezi zandibweretsera makasitomala angati, sindingathe kuyankha. Ndimangomva mumtima kuti ndikulimbikira. Miyezi itatu ikubwerayi ndikufuna kuona ndi maso anga ngati khamali likubereka kanthu, ndipo ngati likubereka, mbali yake iti.

Ndatsegula tebulo pa kompyuta. Munthu aliyense ali ndi mzere wake umodzi, ndipo makolamu ndi awa: A tsiku limene tinacheza koyamba, B munthuyo, C kumene ndinamupeza, D amene anandilumikiza naye ngati alipo, E tsiku limene ndinalondoloza nkhani yathu, F tsiku la mkumano, G tsiku limene mpata wa ntchito unaoneka. Tsamba lachiwiri ndi la maola okha: tsiku, gwero ndi nthawi imene ndathera, kuphatikizapo ya paulendo ndi yolemba mauthenga. Magwero ndawagawa panayi: misonkhano ikuluikulu, anzanga akale, anthu amene wina wandilumikiza nawo, ndi alendo amene ndimangowalembera tisanadziwane.

Ndisanalembe dzina la munthu ndi mmodzi yemwe, ndabwerera m'maimelo ndi m'mainvoisi a miyezi itatu yapitayi kuti ndione anthu amene anandifunsa za ntchito ine ndisanachite kanthu kalikonse. Ndapeza awiri. Nambala imeneyi ndayilemba pamwamba penipeni pa tebulo, chifukwa ikasowa, mpata uliwonse umene ungabwere ndidzauwerengera kukhama langa, chonsecho mwina ukanabwera ndithu ndili khale.

Sabata 2

Msonkhano woyamba. Ndinabwerako ndi makhadi 14 m'thumba ndipo usiku womwewo ndinalemba mizere 14. M'mawa mwake nditayang'ananso, atatu mwa iwo sindinathe kukumbukira kuti amachita chiyani. Tinangopatsana moni ndi makhadi. Ndawafufuta, kwatsala 11.

Zimenezi zandikakamiza kulemba tanthauzo la mawu atatu amene ndikuwerenga, ndipo ndalonjeza kuti sindidzawasintha mpaka masabata 13 atatha. Macheza ndi pamene tonse awiri talankhula za ntchito, ndipo pambuyo pake ndingathe kulemba chiganizo chimodzi chonena chimene munthuyo amachita ndi chimene chikumuvuta. Mkumano ndi nthawi imene tinapangana tsiku lake pasadakhale, yosachepera mphindi 20, kaya maso ndi maso kaya pa foni. Mpata wa ntchito ndiwo wandivuta kuutanthauzira, ndipo ndafika pa mafunso atatu: ndi ntchito yanji, ikufunika liti, nanga wovomereza kuti ndalama ituluke ndani. Ngati sindingayankhe onse atatu, kolamu G ikhala yopanda kanthu.

Lamulo limeneli layesedwa tsiku lomwelo. Bambo wina pamsonkhanopo anandigwira dzanja mwamphamvu nkunena kuti, "Anthu ngati inu ndiye tikuwasowa, achimwene, tidzakufunani ndithu." Mtima unali m'mwamba ndipo ndinali nditalemba kale tsiku mu G. Nditadzifunsa mafunso atatu aja, ndinalephera onse. Ndafufuta tsikulo. Bamboyo watsala ngati macheza basi.

Sabata 4

Msonkhano wachiwiri wapereka macheza 8. Mpaka pano macheza onse ndi 26: a kumisonkhano 19, a alendo 4, a anzanga akale 3. Mikumano ndi 3 yokha, mipata palibe, ndipo maola apita 22.

Ndikanangoyang'ana nambala ya macheza, bwenzi ndikusangalala. Koma kolamu E ndiyo yandichititsa manyazi. Mwa anthu 19 a kumisonkhano, ndi 4 okha amene ndinawalembera pasanathe masiku awiri. Ena ndinawalembera patatha sabata ndi kupitirira, ena mpaka lero sindinawalembere. Mkumano umodzi wokha umene watuluka kumisonkhano wachokera mwa anayi ajawo. Mmodzi mwa amene ndinachedwa kuwalembera anayankha mwaulemu kuti, "Pepani, mundikumbutse, tinaonana kuti?" Si kulakwa kwake. Tsiku limenelo analankhula ndi anthu ambiri, ndipo ine ndinalola masiku 9 kudutsa.

Kuyambira lero, aliyense amene ndacheza naye ndimulembera pasanathe maola 48, ndipo mu uthengawo nditchule chinthu chenicheni chimene iye ananena, kenako ndipemphe tsiku loti tilankhulane.

Sabata 5

Kwabwera foni yochokera kwa munthu amene ndinacheza naye chaka chatha. Akufuna ndimukonzere mabuku asanapite kukapempha ngongole. Mafunso atatu onse ali ndi mayankho, ndiye ndi mpata weniweni. Ndakhala nthawi ndikulimbana nazo kuti ndiuike m'tebulo kapena ayi, chifukwa kolamu G ikadali mbee ndipo ndikulakalaka kuonamo kanthu. Pomaliza ndauika pambali, pansi pa nambala 2 ija ya pamwamba. Mbewu yake sinadzalidwe m'miyezi ino, ndiye sungachitire umboni khama la miyezi ino. Koma wandichenjeza za chinthu china: ngati macheza a chaka chatha akubereka lero, ena a lero adzabereka kota ino ya miyezi itatu itatha kale.

Sabata ino ndayambanso kuimbira anzanga akale mwadongosolo, awiri kapena atatu pa sabata. Ndalemba mayina a amene tinkagwira limodzi ntchito kapena kuphunzira limodzi, amene papita chaka kapena kuposa tisanalankhulane.

Sabata 6

Ndasiya kulembera alendo. Ndatumiza mauthenga 40, ndipo uliwonse ndinkayamba ndafufuza kaye za munthuyo kuti usaoneke ngati wongokopera. Atenga maola 11. Oyankha mpaka kufika pa macheza enieni ndi 6, mkumano umodzi, ndipo mkumanowo unatha mwaulemu popanda chotsatira. Sindikunena kuti njirayi sithandiza aliyense. Koma ntchito yanga imafuna kuti munthu andionetse ndalama zake zonse, ngongole zake ndi zolakwa zake, ndipo zimenezo munthu sapatsa mlendo amene wangotulukira pa foni.

Zimene zachitika ndi anzanga akale ndi zosiyana kwambiri, ndipo ndilemba nkhani imodzi yonse chifukwa yandiphunzitsa mmene tebulo liyenera kugwirira ntchito. Ndinaimbira mayi wina amene tinkakhala naye ofesi imodzi zaka 6 zapitazo. Titafunsana za ana ndi za thanzi, anandifunsa ngati ndikadali pa ntchito ija. Nditamuuza kuti ndinayamba kudziyimira pandekha zaka ziwiri zapitazo, anadabwa.

"Zoona, achimwene? Ine ndimayesa mukadali konkuja. Mwezi wathawu mnzanga wina amandifunsa za munthu wa mabuku, ndinamuuza kuti sindikudziwa aliyense."

Ndinangoti kukamwa yasa. Zaka ziwiri ndakhala ndikuthamangira anthu osandidziwa, pamene munthu amene anaona ntchito yanga tsiku ndi tsiku samadziwa nkomwe kuti ndikufuna makasitomala. Ndinamupempha ngati angandilumikize ndi mnzakeyo, ndipo anatero madzulo omwewo. Mnzakeyo ali ndi bizinesi yonyamula katundu, ndipo malisiti a mafuta a miyezi 8 anali m'katoni osalembedwa paliponse.

M'tebulo nkhaniyi yatenga mizere iwiri. Mayiyo ndi macheza a gwero la akale, ndipo mzere wake mu G mulibe kanthu chifukwa iye mwini sakufuna ntchito yanga. Mnzakeyo ndi mzere watsopano wa gwero la olumikizidwa, ndipo mu D muli dzina la mayiyo. Popanda kolamu D, foni imeneyi ikanaoneka ngati macheza opanda phindu.

Sabata 8

Macheza afika 48, mikumano 12, mipata 2. Wonyamula katundu uja wapempha kotesheni patatha masiku 9 chichezereni. Mpata wachiwiri wachokera kwa mnzanga wa kusukulu, patatha masiku 16.

Tsopano mizere yachuluka moti kuwerenga ndi chala ndayamba kulakwitsa, ndiye ndaika mafomula awiri. Loyamba likuwerenga macheza a gwero limodzi, lachiwiri likuwerenga amene anafika pa mkumano:

```
=COUNTIF(C:C,"akale")
=COUNTIFS(C:C,"akale",F:F,"<>")
```

Poyamba nambala sizinagwirizane ndi zimene ndinawerenga pamanja. Ndinapeza kuti m'mizere iwiri ndinalemba "wakale" m'malo mwa "akale", ndipo mumzere wina ndinasiya mpata kumapeto kwa liwulo. Fomula siwerenga zimenezo, ndipo sichenjeza. Njira yodziwira ndi yosavuta: kuphatikiza magwero anayi onse nkuona ngati akufanana ndi chiwerengero cha mizere. Anga amapereka 45 m'malo mwa 48. Ndakonza, ndipo kolamu C ndayiika kuti ndizingosankha pamndandanda, osalembanso pamanja.

Zimene ndikuona ndi anzanga akale si zachilendo. Mu 1973 katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Mark Granovetter, analemba za anthu a ku Newton, pafupi ndi Boston ku America, amene anali atangosintha ntchito. Mwa amene anapeza ntchito kudzera mwa munthu wina, ambiri anathandizidwa ndi munthu amene ankangoonana naye mwa apo ndi apo, osati bwenzi la tsiku ndi tsiku. Chifukwa chake nchomveka: abwenzi apamtima amadziwa anthu omwewo amene iwe ukuwadziwa, pamene wodziwana naye chapatali amayenda m'magulu amene iwe sufikako. Chimene ndinkaphonya nchakuti wodziwana naye chapatali si mlendo. Mayi uja amandidziwa mokwanira kuti aike dzina lake pa ine, koma ali kutali mokwanira kuti adziwe wonyamula katundu amene ine sindikanakumana naye.

Sabata 10

Msonkhano wachinayi, womaliza. Macheza 5 okha, mwadala. Wachitatu mu sabata 7 unapereka 7. Onse 12 ndinawalembera pasanathe maola 48.

Sabata ino ndinadwala masiku atatu ndipo sindinalembe kanthu m'tebulo. Nditabwerera ndinayesa kukumbukira maola, ndipo ndikudziwa kuti ndaphonya pang'ono. Zimene zapulumutsa masiku a macheza ndi mbiri ya mafoni ndi mauthenga. Maola ndiwo alibe kolowera kwina, ayenera kulembedwa tsiku lomwelo.

Mpata wachitatu wabwera, kwa mnzanga wakale amene tinacheza mu sabata 3. Papita masiku 47.

Sabata 11

Apa ndiye pandisokoneza maganizo. Ndinali nditagamula kale mumtima kuti misonkhano ikuluikulu ndi kutaya nthawi. Lolemba kwabwera imelo kuchokera kwa mayi amene ndinacheza naye pamsonkhano woyamba uja, yemwe tinakumana kamodzi mu sabata 3 kenako zii. Wowasungira mabuku akusiya kumapeto kwa mwezi, akufuna wina woti aziwathandiza mwezi ndi mwezi, ndipo iye mwini ndiye amasainira. Papita masiku 61 chichezereni.

Ndikanatseka kuwerenga pa sabata 8, mzere wa misonkhano ukanasonyeza mipata 0 ndipo ndikanakhulupirira. Munthu safuna wosunga mabuku chifukwa chakuti mwacheza bwino. Amamufuna pamene china chachitika kwa iye: wantchito wasiya, nthawi ya msonkho yayandikira, banki yapempha mapepala. Macheza amangochititsa kuti tsikulo likafika, dzina lako likhale pafupi. Tsikulo sindingalifulumizitse.

Ndawonjezera kolamu H yowerenga masiku kuchokera pa macheza kufika pa mpata, ndipo pambali pake fomula lachiwiri lopeza nambala ya pakatikati pa masikuwo:

```
=IF(G2="","",G2-A2)
=MEDIAN(H:H)
```

Sabata 13

Ndatseka tebulo. Maola onse ndi 60, macheza 62, mikumano 19, mipata 6. Mwa mipata 6, iwiri yasanduka ntchito zosainirana, umodzi wapita kwa munthu wina amene mtengo wake unali wotsika, itatu ikudikirabe yankho.

Pogawa ndi magwero zili motere. Misonkhano ikuluikulu yadya maola 26, yapereka macheza 31, mikumano 3 ndi mpata umodzi. Anzanga akale: maola 14, macheza 18, mikumano 9, mipata 2. Olumikizidwa: maola 9, macheza 7, mikumano 6, mipata 3. Alendo: maola 11, macheza 6, mkumano umodzi, mpata palibe.

Theka la macheza onse lachokera kumisonkhano, koma ndi munthu mmodzi yekha mwa 10 amene wafika pa mkumano. Kwa anzanga akale ndi theka, kwa olumikizidwa ndi 6 mwa 7. Mkumano umodzi wochokera kumsonkhano wanditengera maola pafupifupi 9, pamene wa mnzanga wakale kapena wa wolumikizidwa wanditengera ola ndi theka. Nambala ya macheza, imene inkandisangalatsa mwezi woyamba, ndiyo yosathandiza kwambiri mwa zonse, chifukwa ndiyo yokhayo imene ndingathe kuikweza ndekha popanda munthu wina kuvomera kalikonse. Mkumano umafuna kuti winayo apereke mphindi zake 20. Nchifukwa chake umanena zoona.

Koma kugawa kumeneku kuli ndi chinyengo chake, ndipo kolamu D ndiyo yachiulula. Olumikizidwa sagwa kuchokera kumwamba. Mwa 7 ajawo, 5 anabwera kudzera mwa anzanga akale, ndipo 2 kudzera mwa bambo wina amene ndinacheza naye pamsonkhano wachitatu. Mmodzi mwa awiriwo ndi mwini wa umodzi mwa mipata itatu ya olumikizidwa. Ndikatsata mpata uliwonse mpaka kumene unayambira, anzanga akale ali ndi 4 ndipo misonkhano ili ndi 2. Misonkhano ikadali yodya nthawi, koma si yopanda pake monga mzere woyamba umasonyezera. Ndasunga mawerengedwe onse awiri, lina losonyeza amene anapempha ntchito, lina losonyeza kumene chingwe chinayambira, chifukwa akuyankha mafunso osiyana.

Za lamulo la maola 48: lisanayambe, macheza 19 anapereka mkumano umodzi, litayamba, macheza 12 anapereka iwiri. Ndikufuna kwambiri kunena kuti lamuloli ndilo lagwira ntchito, koma umodzi ndi iwiri si nambala zoti munthu nkuimirapo. Munthu mmodzi akanangodwala tsiku la mkumano, kusiyanako kukanatha. Komanso ndinasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi, kufulumira kulemba ndi kuchepetsa anthu ocheza nawo, ndiye sindingathe kuzilekanitsa. Ndipitiriza lamuloli chifukwa silidya nthawi yowonjezera, osati chifukwa tebulo latsimikiza. Chimodzimodzi mipata: kusiyana kwa 2 ndi 3 sikutanthauza kanthu. Chimene ndikuchikhulupirira ndi kusiyana kwa 3 mwa 31 ndi 9 mwa 18, chifukwa nkwakukulu ndipo kwaoneka mwezi uliwonse.

Masiku ochokera pa macheza kufika pa mpata anali 9, 16, 24, 38, 47 ndi 61. Pakatikati pake ndi 31. Izi zikutanthauza kuti anthu amene ndacheza nawo kuyambira sabata 9 ambiri nthawi yawo sinakwane, ndipo ndikawawerengera pamodzi ndi a sabata 2 ndikuwalakwira. Nambala 31 yomweyo ndi yochepa kuposa zenizeni, chifukwa m'masabata 13 mungaoneke mipata yofulumira yokha. Yochedwa, ngati wa ngongole uja wa chaka chatha, siingalowe m'chiwerengero. Kota imodzi yakwanira kundiuza za mikumano. Za mipata yangondipatsa chithunzi choyamba.

Funso loti khamali labweza kapena ayi ndaliyesa ndi maola, osati ndi ndalama. Ntchito ya wonyamula katundu ndi ya maola 25, kamodzi kokha. Ya mayi wa kumsonkhano ndi ya maola 6 pa mwezi kwa miyezi 12, onse pamodzi 72. Ndiye maola 60 osalipidwa abweretsa maola 97 olipidwa, ngati kontirakitiyo ingafike kumapeto, ndipo mipata itatu ikadali panjira. Pamwamba pa tebulo, ofunsa obwera okha kota ino analipo awiri, kuphatikizapo wa ngongole uja, chimodzimodzi kota yatha. Choncho mipata 6 ija ndi yowonjezera ndithu, sinangolowa m'malo mwa imene ikanabwera yokha. Chondidetsa nkhawa nchakuti maola 72 mwa 97 akuchokera kwa munthu mmodzi. Akanapanda kusiyidwa ndi wantchito wake, kota yonse ikanaoneka yoluza, ngakhale ine ndikanachita zonse chimodzimodzi.

Palinso zimene tebulo silinagwire. Mnzanga wina anandiuza kuti makotesheni anga ndi aatali kwambiri moti mtengo umabisika patsamba lachiwiri. Mzere wake mu G mulibe kanthu, koma ndasintha makotesheni onse chifukwa cha iye. Ndawonjezera kolamu I yolembamo zotere, ndipo sindiziwerenga ngati nambala. Chinanso chimene ndachiona mwa ine ndekha: cha m'ma sabata 9 ndinadzipeza ndikumvetsera munthu uku ndikuganiza kuti alowa mukolamu iti. Zimenezo sizinandisangalatse, ndipo ndikukhulupirira kuti munthu amazimva. Kuyambira pamenepo tebulo ndimalitsegula madzulo okha, ndipo pa foni ndimayamba ndafunsa chimene ine ndingamuthandize. Awiri mwa anzanga akale ndawalumikiza ndi anthu ena, ndipo zimenezo ndayamba kuzilembanso.

Kota ikubwerayi mizere 62 yonse ikhala yotsegula, ndipo mpata uliwonse wochokera mwa iwo udzawerengedwa kukota ino, osati kuyatsopano. Misonkhano ndipita iwiri m'malo mwa inayi, ndipo ndisankha imene kumabwera eni mabizinesi, osati anzanga a ntchito yofanana ndi yanga. Alendo sindiwalembera. Mndandanda wa anzanga akale watsala ndi mayina 11 okha, ndiye gwero limeneli likutha ndipo sindingayembekeze kuti liperekanso 18. Maola amene ndapulumutsa apita kwa makasitomala amene ndili nawo kale, omwe mpaka pano sindinawapemphepo kuti andilumikize ndi wina. Alipo 9. Woyamba ndapangana naye Lachiwiri m'mawa.